Kukunga shawelo m'nyengo ya chiperoni

Shawelo ya lesi ikangochoka pa singano zolukira, munthu wosadziwa ntchitoyi akhoza kuganiza kuti wolukayo wangotaya nthawi yake. Imakhala yokwinyika, m'mphepete mutapindika, komanso yaing'ono kuposa mmene mwini wake ankafunira. Maluwa amene mayi wakhala akuwawerengera mzere ndi mzere kwa miyezi iwiri saoneka n'komwe, chifukwa timabowo tonse timakhala titatsinzina, ulusi utaunjikana pamodzi. Koma shawelo yomweyo ikanyowetsedwa, n'kuyalidwa, n'kukokedwa mwanzeru ndi kugwiridwa ndi mapini mpaka iume, imadzuka ili ina. Imakula, imapepuka, imagwa bwino pa mkono, ndipo duwa lililonse limaima palokha moti ukhoza kuwerenga masamba ake uli pakhomo. Kumeneku ndi kukunga, ndipo ine ndimakuona ngati gawo la kuluka limene limafuna mutu kwambiri, ngakhale kuti limangotenga madzulo amodzi.

Kuti timvetse chifukwa chake lesi imafuna kukungidwa, tiyambire pa bowo limodzi. Woluka akafuna bowo, amakoloweka ulusi pa singano popanda kulowetsa mu sitichi ina iliyonse. Zimenezi zimaonjezera sitichi imodzi pa mzere, choncho kuti nsalu isamangokulirakulira, penapake pa mzere womwewo amaluka masitichi awiri pamodzi. Duwa lonse la lesi, kaya ndi tsamba, kaya ndi mafunde, limachokera pa malo amene aika bowo ndi malo amene aika masitichi ophatikizawo. Lesi imalukidwanso ndi singano zonenepa kuposa zimene ulusi wake ungafune pa juzi, n'cholinga choti sitichi iliyonse ikhale ndi ulusi wotsalira. Ulusi wotsalirawo, ukasiyidwa wokha, umapindikira m'mabowo n'kuwatseka. Kukunga kumauchotsa mmenemo n'kuugawa mofanana m'masitichi onse, ndipo bowo limaonekera pa msinkhu wake weniweni.

Madzi ndiwo amachititsa kuti nsaluyo ivomere. Ubweya wa nkhosa uli ndi timalumikizidwe tating'onoting'ono m'kati mwa tsitsi lililonse, timene timamasuka madzi akalowa n'kugwirananso madzi akachoka. Ukaukoka uli wouma, umabwerera pamene unali. Ukaukoka utanyowa n'kuusiya uume uli chikokedwere, timalumikizidwe tija timagwirana pa malo atsopano, ndipo nsalu imasunga maonekedwe amenewo mpaka tsiku limene idzanyowenso. Apa m'pamene pali lamulo lalikulu la ntchito yonseyi: pini isazulidwe shawelo isanaumiretu. Ndipo ubweya umanyenga, chifukwa umatha kusunga madzi ofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake koma dzanja n'kumamva ngati wauma.

Amodzi mwa malo amene luso limeneli linatchuka kwambiri ndi ku Shetland, tizilumba ta kumpoto kwa Scotland, makamaka chilumba cha Unst. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1800, amayi ankazula ndi manja ubweya wofewa wa pakhosi pa nkhosa, n'kuupota mopyapyala kwambiri, n'kuluka mashawelo aakulu pafupifupi mamita awiri mbali iliyonse amene ankatha kudutsa mu mphete ya ukwati. Shawelo yotero sinkapita kwa wamalonda isanakungidwe, ndipo panali amayi amene ntchito yawo inali yomweyo basi: kuchapa, kuyeretsa ndi utsi wa sulufule, ndi kukunga. Mashawelo a tsiku ndi tsiku ankawakunga pa felemu ya matabwa anayi yokhala ndi tizikhomo m'mbali. Ankalowetsa ulusi wolimba m'nsonga zonse za m'mphepete, n'kuukoloweka pa tizikhomoto, kenako n'kutsamiritsa felemuyo panja kuti mphepo idutse mbali zonse ziwiri. Ku Haapsalu, m'dziko la Estonia, nakonso amakunga mashawelo awo pa felemu mpaka lero. Ndatchula za felemuzi chifukwa anthu amene anazipanga ankalimbana ndi vuto lomwe lili ku Thyolo: dziko la chifunga, kumene chovala chonyowa chimakana kuuma.

Ku Thyolo kuluka si kwachilendo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni akatsika pa mapiri ndi pa minda ya tiyi, mwana wakhanda amafuna chipewa, masokosi ndi shawelo, ndipo amayi ambiri amaluka zimenezi okha, ena anaphunzira ku misonkhano ya amayi a mpingo, ena kwa agogo awo. Patani imene imaoneka kawirikawiri pa mashawelo a ana ndi ya mafunde ija, yomwe ku Shetland amaiika m'mbali mwa mashawelo awo a tsiku ndi tsiku. Imabwerezedwa pa masitichi 18: kuluka awiri pamodzi katatu, kenako bowo ndi sitichi kasanu ndi kamodzi, kenako awiri pamodzi katatunso. Pamene pali mabowo nsalu imatambasuka, pamene pali ophatikiza imafinyika, ndiye mzere umayenda mokwera ndi kutsika. Koma mashawelo ambiri otere amafika pa mwana asanakungidwe, mafunde ali chifinyikire, ndipo ndimamva chisoni ndikaona ntchito ya manja yabwino chonchi ikuonetsa theka chabe la kukongola kwake.

Funso loyamba, madzi asanatungidwe n'komwe, ndi lakuti ulusiwo ndi wa chiyani. Timatcha wulu ulusi uliwonse wolukira, koma wambiri umene umagulitsidwa m'mashopu a ku Limbe ndi m'misika ngati ya Bvumbwe ndi Luchenza ndi wa akiliriki, wopangidwa ku fakitale, wopanda tsitsi la nkhosa ngakhale limodzi. Ubweya weniweni amaupeza kawirikawiri pa kaunjika, m'majuzi amene woluka wanzeru amagula n'kumasula. Njira yosiyanitsira ndi ya machesi. Dulani kachidutswa, kagwireni ndi pulayazi kapena timitengo tiwiri, n'kukayatsa. Ubweya umanunkha tsitsi lopsa, umazima wokha ukachoka pa moto, ndipo umasiya kambulu kakuda kamene kamafumbutuka ukakatikita. Akiliriki amayaka msanga, amasungunuka, amanunkha pulasitiki, ndipo kambulu kake kamauma gwa. Thonje limanunkha pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Mayeso a mphindi imodziwa ndiwo amasankha njira yonse yotsatira, chifukwa madzi amene amagonjetsa ubweya sachita kanthu pa akiliriki.

Shawelo imene ndikufuna tiitsatire ndi ya ubweya. Anailuka mayi ena achikulire okhala kufupi ndi boma la Thyolo, ndi ulusi wotuwira womasula ku majuzi awiri, ndipo inali ya mdzukulu amene ankayembekezeredwa mu Julayi. Pakati pake panali poluka wamba, m'mbali muli mafunde aja, ndipo kunja kwenikweni kunali nsonga ngati mano, 23 mbali iliyonse kuwerengera za m'makona. Itachoka pa singano inali masentimita 85 mbali iliyonse.

Mayiwa sanaganizire m'mutu kuti shaweloyo ikula kufika pati. Asanayambe kuluka anali ataluka kale kachigamba ka patani yomweyo, n'kukanyowetsa, n'kukakunga. Pamene panali masentimita 10 panafika 13, mabowo atatseguka bwino koma ulusi usanafike polira. Choncho anadziwa kuti masentimita 85 afika pafupifupi 110. Kachigamba kameneka anthu ambiri amakanyalanyaza, koma ndi kokhako kamene kamakuuza malire, ndipo n'kwabwino kuti ulusi uduke pa kachigamba kusiyana ndi pa shawelo ya miyezi iwiri.

Ananyika shaweloyo m'beseni la madzi ofunda, amene chigongono sichimva kutentha kapena kuzizira, atadonthezamo shampu ya ana pang'ono. Sopo wa ufa sanamuyandikize, chifukwa ndi waukali pa ubweya ndipo amausiya wokhakhala. Anaikankhira pansi ndi zikhato kuti mpweya utuluke, n'kuisiya kwa theka la ola. Nthawi imeneyi ndi yofunika, poti ubweya umakana madzi poyamba, ndipo ukafulumira kuuvuula umakhala utanyowa kunja kokha. Sanaifikise, sanaipukuse m'madzimo. Tsitsi la nkhosa lili ndi timamba, ndipo kutentha, sopo ndi kufikisa zikakumana, timambato timakolana, nsalu imafupika n'kulimba, mabowo n'kutsekeka kosatsegukanso. Madzi otsukuluzira anali ofunda chimodzimodzi ndi oyamba, pakuti kuchoka m'madzi ofunda kupita m'ozizira mwadzidzidzi nakonso kumathandiza kukolanako.

Kavuulidwe kake ndi kamene ndinakayang'anitsitsa. Analowetsa manja onse awiri pansi pa shawelo n'kuinyamula yonse ili mtolo umodzi, osalola kuti kona ngakhale imodzi ilendewere. Ubweya ukanyowa umachepa mphamvu, ndipo kulemera kwa madzi kukhoza kukoka mbali imodzi mopitirira. Anaifinya pakati pa zikhato osaipotokola, n'kuiyala pa thaulo loyera, n'kukulunga thaulolo, n'kuliponda pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Kenako anabwereza ndi thaulo lachiwiri louma. M'nyengo yotentha thaulo limodzi ndi lokwanira, koma mu Juni madzi alionse amene atsala mu ulusi ndi maola oonjezera a kudikira.

Poyalapo anali atakonzeratu. Anatenga matiresi a siponji a anthu awiri, chifukwa a munthu mmodzi ndi opapatiza kwa shawelo ya masentimita 110, n'kuwakuta ndi nsalu yoyera ya pabedi yakalekale. Chitenje sichiyenera pamenepa ngakhale chitakhala chochapidwa kangapo, poti utoto wake ukhoza kulowa mu ubweya wonyowa umene ugonepo masiku awiri. Pa nsalu yoyerayo anali atakhoma mapini anayi n'kuzunguliza ulusi wosokera, kupanga bwalo la makona anayi la masentimita 110. Kuti atsimikize kuti silinapendeke, anayeza ndi tepi kuchoka pa kona kufika pa kona ya tsidya, kenako makona ena awiriwo. Miyeso iwiriyo iyenera kufanana, ndipo pa bwalo la 110 imakhala pafupifupi masentimita 156. Mbali zinayi zikhoza kufanana zonse koma shawelo n'kukhala yopendekeka, ndipo ndi muyeso wopingasawu wokha umene umaulula.

Tsopano mawaya. Nsonga za shaweloyi zonse pamodzi zinali 88, ndipo kukhoma iliyonse payokha kukanafuna mapini 88 osachita dzimbiri, amene si apafupi kuwapeza. Mayiwa anali ndi mawaya oongoka a chitsulo chosachita dzimbiri, a mtundu umene owotcherera amagwiritsa ntchito, oonda ngati singano yolukira yaing'ono ndipo otalika pafupifupi masentimita 90. Anali atawapukuta ndi sopo mpaka kansalu koyera katasiya kuda, chifukwa mawaya otere amabwera ndi mafuta, ndipo nsonga zake anali atazisalaza pa mwala. Shawelo ili chikhwefukire, analowetsa waya m'nsonga iliyonse, mawaya awiri mbali imodzi, opitirirana pakati. Ankaonetsetsa kuti waya wadutsa pansi pa sitichi yathunthu, ulusi uwiri, osati kubaya pakati pa ulusi umodzi. Nsonga imene yagwidwa ndi theka la ulusi ndi imene imaduka mphamvu ikafika.

Ubwino wa waya si kupulumutsa mapini kokha. Pini imakoka malo amodzi, ndipo pakati pa pini ndi inzake nsalu imabwerera m'kati. Pa mphepete ya mano zimenezi zilibe vuto, koma pa mphepete yoongoka, monga ya sikafu kapena ya pamwamba pa shawelo ya makona atatu, mapini okha amasiya mano pamene woluka sanalukepo mano, ndipo amakhalapo mpaka shawelo idzachapidwenso. Waya amagawa mphamvu pa mzere wonse. Pa mphepete yoongoka amamulowetsa motuluka ndi kulowa, kudumpha sitichi imodzi kapena ziwiri, mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amene alibe waya akhoza kulowetsa ulusi wolimba wa thonje kapena thwaini wosalala shawelo isananyowe, n'kumukunga pakati pa mapini a m'makona. Imeneyi ndi njira ya ku Shetland ija, ndipo imagwira ntchito bwino, kungoti imafuna mapini ochulukirapo chifukwa chingwe chimawerama.

Kukoka kwenikweniko anakuchita mozungulira katatu. Anayamba ndi kusalaza pakati ndi zikhato, kuchokera pamtima kupita kunja. Ulendo woyamba anakoka mawaya kufika pafupifupi masentimita 100 basi, n'kukhoma pini pakati pa mbali iliyonse, kumanja kenako kumanzere, kumtunda kenako kumunsi, kenako m'makona. Ulendo wachiwiri anasuntha mbali iliyonse pang'ono, n'kuonjezera mapini pakati pa amene analipo. Ulendo wachitatu mawaya anafika pa ulusi wosokera uja. Pini iliyonse ankaibaya m'kati mwa waya, mutu wake utapendekera kunja, kutali ndi shawelo, kuti nsalu ikamakoka pini izilowa m'malo mozuka. Mbali iliyonse inatenga mapini asanu ndi atatu. Pomaliza anatenga tepi n'kusuntha nsonga pa waya kuti pakati pa iliyonse ndi inzake pakhale masentimita 5, pakuti mipata 22 ya masentimita 5 ndiyo 110.

Nditafunsa chifukwa chimene sanakokere mbali imodzi mpaka pa mzere n'kuthana nayo, anandiyankha osadzutsa mutu: "Mwanangu, ukakhutitsa mbali imodzi, inzake igona ndi njala. Ulusi ndi umodzi womwewu." N'zoonadi, chifukwa nsalu yoluka ikatalika imachepa m'lifupi. Ukakoka m'litali mpaka pothera, m'lifupi simutsala ulusi woti ukoke, ndipo mabowo amauma ali aatali ngati maso otsinzinira m'malo mokhala obulungira. Bowo ndilo limakuuza ngati wakoka mofanana. Ngati ndi lobulungira, mbali ziwirizo zagawana bwino. Ngati latalika chopingasa kapena choimirira, masula mbali imeneyo n'kukoka inayo.

Mafunde a m'mbali anawasamala mwapadera. Mzere wa mafunde suyenera kuongoledwa, chifukwa kupindika kwake ndiye patani. Anadutsamo ndi zala, akukankhira phiri lililonse kunja pang'ono ndi kulola chigwa chikhale m'kati, mpaka mafunde a mbali zonse zinayi atafanana msinkhu. Ntchito yonseyi inatenga pafupifupi ola, ndipo pamene ankafika pa mbali yomaliza, m'mphepete munali mutayamba kuuma. Anaviika zala m'kapu ya madzi n'kuwazapo pang'ono. Ulusi wouma sumvera, ndipo ukaukakamiza umangobwerera ukadzazula mapini. Kwa lesi yopyapyala kwambiri, kapena imene inakungidwapo kale ndipo yangofooka, kuwaza kotereku n'kokwanira popanda kunyika: umaikhoma ili youma, mosakoka kwambiri, n'kuiwaza mpaka inyowe, kenako n'kusuntha mapini.

Kuumitsa ndiye mayeso a Thyolo. Mu Seputembala kapena Okutobala, shawelo yopyapyala yokungidwa m'mawa imakhala itauma pofika mawa lake, mwinanso madzulo omwewo. M'masiku a chiperoni, kapena pakati pa dzinja, ikhoza kugona masiku atatu ikadali yozizira, ndipo zoopsa ziwiri zimabwera. Choyamba ndi fungo la chinyontho ndi chuku, makamaka kunsi kumene shawelo yagundana ndi matiresi. Chachiwiri ndi dzimbiri. Mapini wamba a atelala, akakhala usiku umodzi kapena uwiri mu ulusi wonyowa, amasiya kadontho kofiirira pa nsonga iliyonse, ndipo pa ubweya woyera kadontho kameneka kamavuta kuchotsa. Jiki sangathandize: dzimbiri salichotsa, ndipo ubweya amaudya mpaka kuusungunula. Madzi a ndimu amatha kulifewetsa, koma nzeru ndi kuyesa mapini ndi mawaya pasadakhale, powabaya m'kansalu koyera konyowa n'kuwasiya masiku awiri. Amene asiya chizindikiro apite ku ntchito ina. Pali chenjezo linanso kwa amene amanyika lesi yoyera m'madzi a tiyi kuti ikhale yofiirira pang'ono, monga ena amachitira ndi madoilo a thonje: tiyi akakumana ndi chitsulo amada, ndiye pini ya chitsulo wamba imasiya banga lakuda m'malo mwa lofiira.

Chimene chimaumitsa ndi mpweya woyenda, osati moto. Aliyense amene analowapo m'fakitale ya tiyi, kaya ku Satemwa, kaya kwina kulikonse m'bomali, waona masamba ongothyoledwa kumene atayalidwa pa sefa m'zimikhate zazitali, mafani akukankha mpweya kuchokera pansi kuti afote mofanana. Shawelo imafuna zomwezo. Mayi aja anatsegula mazenera awiri oyang'anizana masana, n'kuwatseka madzulo chifunga chisanalowe. Mbaula sanaiyandikize, poopa utsi, phulusa, ndi kuumitsa mbali imodzi inzake ikadali yonyowa. Padzuwa lamphamvu sanaiikenso, chifukwa limasandutsa ubweya woyera kukhala wachikasu. Amene amakunga kawirikawiri angachite bwino kukhomesa felemu kwa kalipentala, ya matabwa anayi osalala okhala ndi tizikhomo ta mtengo kapena ta nsungwi m'malo mwa misomali, n'kumaitsamiritsa pakhonde pamthunzi. Pa felemu mpweya umadutsa m'mabowo enieniwo, ndipo nthawi youmira imachepa kwambiri.

Kuti adziwe ngati yauma, sanagwire pakati, pamene pamauma msanga. Anaika kuseri kwa dzanja pa makona ndi pa mizere ya masitichi ophatikiza, pamene ulusi ndi wochindikala, n'kulowetsanso chala kunsi. Ubweya umene ukadali ndi madzi umamveka wozizira ngakhale usakunyowetse. Pamene kuzizirako kunatha, anaisiyabe usiku wina umodzi. Atazula mapini ndi kusolola mawaya, shaweloyo inabwerera pang'ono, kufika pafupifupi masentimita 106, ndipo zimenezi n'zoyembekezeka. Ikabwerera kwambiri, mpaka mabowo kuyambanso kutsinzina, ndiye kuti inazulidwa isanaume, kapena ulusiwo uli ndi akiliriki wambiri.

Za akiliriki ziyenera kunenedwa mwachindunji, poti ndiye ali m'manja mwa oluka ambiri. Akiliriki salowa madzi kwenikweni, ndiye ukamunyika, n'kumukunga, n'kumuumitsa, masitichi amasalala pang'ono koma ukazula mapini amabwerera pafupifupi pamene anali. Chimene chimamugonjetsa ndi kutentha. Shawelo imakhomedwa ili youma, pa muyeso womwe ukufuna, kenako umaipatsa nthunzi. Ndi simbi ya magetsi ya nthunzi, umaiyendetsa m'mwamba, masentimita awiri kapena atatu kuchoka pa nsalu, osaigunditsa. Ndi simbi ya makala, umayala kansalu ka thonje konyowa pamwamba pa shawelo n'kugunditsa simbi pa kansaluko mopepuka, kulemera kwake kuli m'dzanja lako, kuti nthunzi yokha itsike. Umachita kachigawo kamodzi, n'kudikira kazizire, n'kupita pena. Mapini a mitu ya pulasitiki asakhale pafupi.

Kusiyana kwake ndi ubweya n'kwakuti zimene nthunzi yachita pa akiliriki sizibwerera. Ukaipereka pa muyeso, mabowo amatseguka ndipo amakhala otseguka ngakhale shawelo ichapidwe kambirimbiri, zomwe ndi mwayi weniweni pa chofunda cha mwana chimene chimalowa m'beseni sabata iliyonse. Ukapitiriza muyeso, ulusi umafa: umaphwatalala, umanyezimira, umataya kufutukuka kwake, ndipo shawelo imakhala yolobodoka yosafunditsa. Simbi ikagunda mwachindunji, ulusi umasungunuka. N'chifukwa chake pa akiliriki kachigamba koyesera n'kofunika koposa, ndipo ndi bwino kupereka nthunzi yochepa kawiri kusiyana ndi yambiri kamodzi. Thonje lili pakati: limavomera madzi, limapirira kukokedwa likanyowa, koma silisunga maonekedwe nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake oluka madoilo amaliviika mu sitachi asanalikhome.

Pali zinthu zimene kukunga sikungakonze, ndipo woluka wabwino amaziganizira singano zikadali m'manja. Chachikulu ndi mzere wotsekera. Ukatseka masitichi mothina, monga timachitira pa khosi la juzi, mzere umenewo sutambasuka, ndipo pakati pa shawelo pakakula m'mphepete mumakana. Zizindikiro zake zimaonekera pa matiresi: pakati pamatukumuka kapena kuchita makwinya, pamene m'mphepete muli gwa, makona akupindikira m'kati. Ukaumiriza, ulusi wa mzerewo umaduka. Mankhwala ake ndi kumasula mzere womalizawo n'kutsekanso ndi singano yonenepa kuposa imene unalukira, ndipo chimodzimodzi mzere woyambira uyenera kuikidwa momasuka. Sitichi imene inagwa osaoneka nayonso imadziulula pokoka, ndipo imathamanga kutsika mizere ingapo nthawi imodzi. Ukangoiona, siya kukoka, igwire ndi pini pomwepo, udzaisoke shawelo ikauma. Mfundo za ulusi womasula ku majuzi zimafunanso diso: michira yake isokeredwe m'nsalu shawelo isananyowe, koma isadulidwe mpaka itauma, chifukwa nsalu ikakula michira imalowa m'kati, ndipo wodulidwa msanga umasololoka.

Shawelo ya ubweya ikachapidwa imaiwala zonse, ndipo imafuna kukungidwanso. Ulendo wachiwiri suvuta ngati woyamba, poti masitichi amakhala atakhazikika kale, ndipo nthawi zambiri kuiyala pa thaulo, kuikoka ndi manja kufika pa muyeso wake ndi kukhoma nsonga n'kokwanira. Mayi aja, popereka shaweloyo kwa mpongozi wawo, anaipinda momasuka m'nsalu yoyera, n'kuikamo kapepala kolembapo 110 ndi 156. Anamuuza kuti asaipachike pa chingwe ikanyowa, asaiyanike pa udzu kapena pa mpanda pamene dothi lofiira lingaigwire, ndipo pansi pa mwana aziyalapo kansalu kena kuti shawelo isamachapidwe pafupipafupi. Mawaya anati adzabwereke tsiku lochapa likadzafika.